Ng'ombe sinasinthe, koma mtengo wagwa: za bondi ndi chiwongoladzanja

Chiwongoladzanja chikakwera, nzeru za tsiku ndi tsiku zimati wobwereka alire, wobwereketsa asekerere. Choncho zimadabwitsa kumva kuti munthu amene anabwereketsa ndalama ku boma pogula bondi, akapita kukafunsa mtengo wa bondi yakeyo pambuyo poti chiwongoladzanja chakwera, amauzidwa kuti watsika. Boma silinakane ngongole. Silinachedwetse malipiro ngakhale tsiku limodzi. Pepala ndi lomwe lija, mawu ake ndi omwe aja. Komabe anagula pa K1,000,000, ndipo lero palibe amene akufuna kumupatsa ndalama yokwana imeneyo.

Bondi ndi pangano la ngongole lolembedwa, limene mwini wake atha kuligulitsa kwa munthu wina. Wobwereka, kaya ndi boma kaya kampani yaikulu, amalemba zinthu zitatu: ndalama imene adzabweze pamapeto, tsiku lobwezalo, ndi ndalama imene azilipira chaka chilichonse podikira tsikulo. Malipiro a pachakawa anthu a m'mabanki amawatcha kuponi. Zitatu zonsezi zimakhazikika tsiku limene bondi yatuluka, ndipo sizisunthanso. Kuno kwathu boma limabwereka motere kudzera ku Banki Yaikulu ya Malawi, imene imagulitsa ngongole za masiku 91, 182 ndi 364, komanso zazitali za zaka 2, 3, 5, 7 ndi 10. Ogula kwambiri ndi mabanki, makampani a inshuwalansi ndi mabungwe osunga ndalama za penshoni. Ndiye ngati kumalipiro anu amadulako ya penshoni mwezi ndi mwezi, nkhaniyi ikukukhudzani ngakhale simunaonepo bondi ndi maso.

Chinthu chimodzi chokha sichinalembedwe papepalapo: mtengo umene munthu wina angakupatseni mutafuna kumugulitsa bondiyo nthawi yake isanakwane. Umenewo amagamula ndi msika.

Tiyerekeze mlimi wa ku Bvumbwe amene wagula ng'ombe ya mkaka pa K1,000,000. Ng'ombeyi imatulutsa malita 8 patsiku, ndipo panthawiyo ng'ombe iliyonse ya mtengo umenewu imatulutsa omwewo. Wagula bwino, palibe amene wamubera. Tiyerekezenso kuti nthawi yake yokamidwa ikadzatha, wabutchala adzaigula pa K1,000,000 yomweyo, poti iye amayang'ana nyama, za mkaka alibe nazo ntchito.

Patangopita masabata ochepa, pamsika pafika mtundu wina wa ng'ombe. Mtengo ndi womwewo, thupi ndi lomwelo, wabutchala adzalipira chimodzimodzi, koma izi zikutulutsa malita 10. Ng'ombe ya mlimi uja sinadwale. Ikudya bwino, mmawa uliwonse malita 8 akutuluka. Koma mwana wadwala, kapena fizi yafunika, mlimi watengera ng'ombe yake kumsika n'kutchula K1,000,000. Wogula aliyense angomulozera khola la pafupi: ndi ndalama yomweyo ndipeza ya malita 10, ndigulirenji yanu? Mlimi sangauze ng'ombe kuti iwonjezere mkaka. Sangakweze mtengo wa wabutchala. Chimene chili m'manja mwake ndi chimodzi basi, kutsitsa mtengo mpaka wogula aone kuti kutenga ya malita 8 motchipa n'chimodzimodzi ndi kutenga ya malita 10 pa mtengo wathunthu.

Mkaka ndiye kuponi, mtengo wa wabutchala ndiye ndalama yobwezedwa pamapeto, ndipo ng'ombe zatsopano zija ndiwo mabondi atsopano amene atuluka chiwongoladzanja chitakwera. Zimene zimachitika ndi zomwezi. Funso lotsala, lomwe lili lokoma kwambiri, n'lakuti mtengo utsike ndi zingati.

Tenganitu bondi ya K1,000,000, ya zaka 3, yolipira 20 peresenti pachaka. Kuti masamu asatisokoneze, tinene kuti imalipira kamodzi pachaka ndipo za msonkho tazisiya pambali. Mabondi enieni ambiri amalipira kawiri pachaka, koma kaganizidwe kake sikasintha. Mwini wake adzalandira K200,000 pakutha pa chaka choyamba, K200,000 pakutha pa chachiwiri, ndipo pakutha pa chachitatu adzalandira K200,000 pamodzi ndi miliyoni yake, zonse K1,200,000.

Mawa lake chiwongoladzanja cha pamsika chakwera. Boma lomwelo, likabwereka kwa zaka 3 zomwezo, tsopano likulipira 25 peresenti. Wogula bondi yatsopano ya K1,000,000 azilandira K250,000 pachaka. Bondi yakale ikuperewera ndi K50,000 chaka chilichonse.

Anthu ambiri akafunsidwa mtengo watsopano amayankha chimodzi mwa ziwiri, ndipo zonse ndi zolakwika, ngakhale chilichonse chili ndi nzeru yake. Ena amati: K200,000 ndi 25 peresenti ya ndalama zingati? Ndi ya K800,000, choncho bondi igulitsidwe pa K800,000. Iwowa ayang'ana mkaka okha, aiwala wabutchala. Munthu wogula pa K800,000 azilandiradi 25 peresenti ya ndalama yake chaka ndi chaka, koma pamapeto boma lidzamupatsa K1,000,000 yathunthu, osati K800,000 imene iye analipira. K200,000 yapamwambayo ndi phindu lina, ndipo mukaliphatikiza, munthuyo akupeza kupitirira 31 peresenti pachaka. Wogulitsa wataya zambiri.

Ena amati: ikuperewera K50,000 pachaka kwa zaka 3, ndiye tichotse K150,000, mtengo ukhale K850,000. Awa ayandikira, koma aiwala nthawi. Kuchotsera kwa K150,000 wogula akukulandira lero, pomwe kuperewera kuja akumva pang'onopang'ono, kwina chaka chamawa, kwina patapita zaka 3. Ndalama ya m'manja lero ndi ya chaka cha mkuja sizilemera mofanana, chifukwa ya lero mutha kuibwereketsa n'kubereka. Pa K850,000 wogula akupeza pafupifupi 28 peresenti, zomwe zikadali zopitirira za pamsika.

Njira yoona ndi kutenga malipiro aliwonse paokha n'kufunsa kuti: pa chiwongoladzanja cha 25 peresenti, ndiyenera kuika ndalama zingati lero kuti patsikulo ndidzakhale ndi ndalama imeneyo?

K200,000 ya chaka chamawa ndi yosavuta. Mukaika K160,000 lero, 25 peresenti yake ndi K40,000, ndipo pakutha pa chaka muli ndi K200,000. Ndiye malipiro oyambawo mtengo wake lero ndi K160,000. Achiwiri ali patali ndi chaka china, choncho amafuna ndalama yocheperapo: K128,000 imakula kukhala K160,000 m'chaka choyamba, n'kukhala K200,000 m'chachiwiri. Achitatu ndiwo aakulu, K1,200,000. Mukaika K614,400 lero, chaka choyamba ifika K768,000, chachiwiri K960,000, chachitatu K1,200,000 ndendende. Pa makina owerengera, zonsezi ndi kugawa ndi 1.25 kamodzi, kawiri, katatu.

Phatikizani K160,000, K128,000 ndi K614,400. Yankho ndi K902,400. Umenewo ndiwo mtengo wa bondi ija lero. Munthu wokhala ndi K902,400 atha kudzipangira yekha malipiro atatu omwewo pongoika ndalama yake pa 25 peresenti, ndiye sangalipire kuposa pamenepo kuti awagule kwa inu. Nanunso simuyenera kulandira zochepera, chifukwa pa mtengo wotsika kuposa apa ogula angalimbiranepo mpaka mtengo utakweranso. Bondi yatsika ndi K97,600, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mtengo wake, usiku umodzi wokha.

Wokhala ndi kompyuta atha kutsimikiza ndi mzere umodzi mu Excel:

```
=PV(25%,3,-200000,-1000000)
```

Mutha kufikanso pa yankho lomweli podzera njira ya anthu a K850,000 aja, mutangokonza chimene anaiwala. Kuperewera kwa K50,000 kwa chaka chamawa, lero ndi K40,000. Kwa chaka chachiwiri ndi K32,000, kwa chachitatu ndi K25,600. Zonse pamodzi ndi K97,600. Njira imeneyi ndimaikonda kuposa yoyamba ija, chifukwa imaonetsa poyera chimene kutsika kwa mtengo kuli: ndi chipepeso chimene wogulitsa akupereka lero pa mkaka wonse umene wogula adzasowe kutsogolo, osapitirira, osaperewera.

Tsopano tiyeni timutsatire wogulayo, tione ngati wapezadi 25 peresenti yake. Walipira K902,400. Kuti ikhale itabereka 25 peresenti, pakutha pa chaka ayenera kukhala ndi K1,128,000. Boma lamupatsa K200,000 m'manja. K928,000 yotsalayo ili kuti? Ili mu bondi. Werengerani bondi yotsala ndi zaka 2 pa 25 peresenti: K200,000 ya chaka chotsatira ndi K160,000, ndipo K1,200,000 ya pamapeto ndi K768,000, zonse K928,000. Zagwirizana. Chaka china chikatha, bondi yotsala ndi chaka chimodzi mtengo wake ndi K960,000, ndipo tsiku lomaliza yafika pa K1,000,000. Taonani mmene mtengo ukukwawira: K902,400, K928,000, K960,000, K1,000,000. Chiwongoladzanja cha pamsika sichinatsike ayi, chikadali pa 25, koma bondi ikubwerera yokha pa mtengo wake wolembedwa chifukwa tsiku lobweza likuyandikira. Phindu la wogula lili pawiri, lina mu kuponi, lina m'kukwera kwapang'onopang'onoku. Phindu lonselo pamodzi ndi limene akatswiri amayang'ana akamayerekeza mabondi, osati peresenti yolembedwa papepala.

Apa ng'ombe ija itithandizanso, ndipo mwina apa m'pamene imathandiza kwambiri. Ngati ng'ombe ya malita 8 yatsala ndi mwezi umodzi kuti ipite kwa wabutchala, kubwera kwa ng'ombe za malita 10 sikuikhudza kwenikweni. Wogula akugula nyama, ndipo malita 2 operewera kwa masiku 30 ndi nkhani yaing'ono. Koma ngati ndi ng'ombe yongoyamba kumene kukamidwa, yokhala ndi zaka zambiri kutsogolo, malita 2 amenewo adzasowa mmawa uliwonse kwa zaka zonsezo, ndipo wogula adzafuna kuchotseredwa zambiri.

Manambala akunena chimodzimodzi. Kuponi ndi 20 peresenti yomwe ija, msika wakwera kufika pa 25 yomwe ija, tingosintha zaka zotsala. Bondi yotsala ndi chaka chimodzi itsika kufika pa K960,000, kutaya 4 peresenti yokha. Ya zaka 3 taiona, K902,400. Ya zaka 10 igwa kufika pafupifupi K821,500, kutaya pafupifupi 18 peresenti. Ndipo bondi yopanda tsiku lobweza, yongolipira kuponi mpaka kalekale, ngati zimene boma la Britain linali nazo kwa zaka zoposa 200 mpaka linaziwombola mu 2015, imeneyo ndiyo ingagwe kufika pa K800,000. Anthu a yankho loyamba aja sananame kotheratu. Anawerengera ng'ombe imene sidzapita kwa wabutchala.

Onaninso kuti kugwako sikukula mofanana ndi zaka. Kuchoka pa chaka chimodzi kufika pa 3, kutaya kwakwera ndi K57,600. Kuchoka pa zaka 10 kufika pa muyaya, kwangokwera ndi K21,500. Chifukwa chake n'chakuti pa chiwongoladzanja chokwera chonchi, ndalama ya kutali imapepuka msanga: K50,000 ya chaka cha 10 mtengo wake lero sukwana K5,400. Zimene zili kutali kwambiri zinali zopepuka kale, ndiye zilibe zambiri zoti zitaye.

Chiwongoladzanja chikatsika, zonse zimatembenuka. Msika utagwa kuchoka pa 20 kufika pa 15 peresenti, bondi yathu ya zaka 3 ingakhale ng'ombe ya mkaka wambiri pakati pa zouma, ndipo mtengo wake ungakwere kufika pafupifupi K1,114,200. Kukwerako, K114,200, n'kokulirapo kuposa kugwa kuja kwa K97,600, ngakhale chiwongoladzanja chasuntha ndi 5 mbali zonse. Kusiyana pang'onoku kumakomera mwini bondi nthawi zonse, ndipo kumakula bondi ikakhala yaitali.

Pali mtsutso umene umabuka nthawi zonse pankhaniyi. Wina amati: ine sindigulitsa, ndidikira zaka 3 zithe, boma lindipatse kuponi zanga zonse ndi miliyoni yanga, ndiye ndataya chiyani? Pali zoona m'mawu amenewa. Makwacha onse amene analonjezedwa adzafika. Ndipotu pali kaphindu kena kobisika: kuponi iliyonse imene walandira atha kuibwereketsanso pa 25 m'malo mwa 20. Msika ukanakhala pa 20, pakutha pa zaka 3 akanakhala ndi K1,728,000 ataphatikiza zonse. Poti wakwera kufika pa 25, adzakhala ndi K1,762,500. Makwacha achuluka ndi K34,500.

Koma ine sindivomereza kuti sanataye kanthu. Mnzake amene anachedwa ndi tsiku limodzi n'kugula bondi yatsopano ndi miliyoni yomweyo, adzakhala ndi K1,953,125 pa tsiku lomwelo. Kusiyana kwa awiriwa ndi K190,625, ndipo mukakugawa ndi 1.25 katatu mupeza K97,600 yomwe ija. Kugulitsa lero ndi kulandira kutayako kamodzi. Kusunga ndi kukumwa pang'onopang'ono kwa zaka 3. Kukula kwake n'kumodzi. Kuwonjezera apo, chiwongoladzanja sichikwera popanda chifukwa. Kawirikawiri Banki Yaikulu imachikweza chifukwa mitengo ya zinthu ikuthamanga, monga mmene zinachitikira kuno pamene chiwongoladzanja chake chinachoka pa 12 peresenti mu 2021 n'kufika pa 26 peresenti mu Febuluwale 2024. Miliyoni imene idzabwezedwe pamapeto idzakhala yathunthu powerenga, koma matumba a simenti amene ingagule adzakhala atachepa.

Ndiponso mawu akuti "sindigulitsa" amanenedwa mosavuta ndi munthu amene ndalamazo ndi zake. Banki imasunga ndalama za eni, ndipo eni akabwera kudzazitenga siingawauze kuti adikire zaka 10. Zimenezi n'zimene zinagwetsa banki ya Silicon Valley ku California. M'zaka za 2020 ndi 2021, pamene chiwongoladzanja ku America chinali pafupi ndi ziro, bankiyi inalandira ndalama zochuluka kwa makampani a zamakono, ndipo zambiri inagulira mabondi aatali, a boma ndi ena a ngongole za nyumba otetezedwa ndi mabungwe a boma. Palibe amene ankakayika zoti mabondiwo adzalipidwa. Kenako, kuyambira Malichi 2022, banki yaikulu ya dzikolo inayamba kukweza chiwongoladzanja, ndipo patatha chaka chinali chitapitirira 4.5 peresenti. Mitengo ya mabondi aja inagwa. Makasitomala atayamba kutapa ndalama zawo, banki inakakamizika kugulitsa. Pa 8 Malichi 2023 inalengeza kuti yagulitsa mabondi a madola pafupifupi 21 biliyoni ndipo yataya madola 1.8 biliyoni. Mawa lake anthu anafuna kuchotsa madola 42 biliyoni tsiku limodzi, ndipo pa 10 Malichi boma linaitseka.

Kwa ife ozolowera chiwongoladzanja cha m'ma 20, zingaoneke zachilendo kuti kukwera kwa 2 kapena 4 peresenti kungagwetse banki. Koma masamu aja amaluma kwambiri chiwongoladzanja chikakhala chotsika. Bondi ya boma la America ya zaka 10 inkapereka pafupifupi 1.5 peresenti kumapeto kwa 2021, ndipo mu Okutobala 2022 inali itapitirira 4 peresenti. Tengani bondi ya zaka 10 yolipira 1.5 pa 100 iliyonse, muiwerengere pa 4 peresenti: mtengo wake ndi pafupifupi 80. Kukwera kwa 2.5 kokha kwadya 20 peresenti ya mtengo, kuposa zimene kukwera kwa 5 kunadya pa bondi yathu ya zaka 10. Chifukwa chake ndi ichi: kuponi ikakhala yaikulu, mwini bondi amabweza gawo lalikulu la ndalama yake m'zaka zoyambirira, ndipo ndalama zimenezo zimakalowa msanga pa chiwongoladzanja chatsopano. Kuponi ikakhala yaing'ono, pafupifupi chuma chonse cha bondi chili pa tsiku lomaliza, kutali, ndipo chamangidwa pa chiwongoladzanja chakale nthawi yonseyo. Choncho poyeza mmene bondi ingagwere, zaka zolembedwa papepala sizikwanira. Chofunika ndi kutalika kwa nthawi imene ndalama zake, kuponi ndi ya pamapeto yomwe, zimatenga kuti zibwerere m'manja. Katswiri wa zachuma Frederick Macaulay ndiye analongosola muyeso umenewu mu 1938, ndipo osunga ndalama za penshoni amaugwiritsabe ntchito mpaka lero.

Tiyenera kusamala ndi mawu akuti chiwongoladzanja cha pamsika. Chimene chimatsitsa mtengo wa bondi yanu si nambala imene Banki Yaikulu yalengeza pa wailesi, koma phindu limene wogula angapeze lero pa ngongole ina yofanana ndi yanu, ya wobwereka wodalirika chimodzimodzi ndiponso ya zaka zotsala zomwezo. Bondi imene inatuluka ngati ya zaka 10 koma yatsala ndi zaka 2 imayerekezedwa ndi mabondi atsopano a zaka 2. Nambala ya Banki Yaikulu imakoka msika, makamaka ngongole zazifupi, koma ogula mabondi aatali amayang'ana kutsogolo. Akaona kuti mitengo ya zinthu ikukwera ndipo Banki Yaikulu ichitapo kanthu posachedwa, amayamba kufuna phindu lokwera chilengezo chisanabwere. N'chifukwa chake nthawi zina chilengezo chimatuluka koma mitengo ya mabondi osagwedezeka: inagwa kale masabata apitawo.

Fanizo la ng'ombe lili ndi malire pamalo amodzi ofunika. Tinanena kuti ng'ombe sinadwale ndipo wabutchala adzalipira. Zonse zimene tawerengera zatsamira pa chikhulupiriro chakuti wobwereka adzasunga pangano. Koma mtengo wa bondi utha kugwanso pa chifukwa china, pamene anthu ayamba kukayika ngati ndalamazo zidzabwera n'komwe. Mabondi a madola a boma la Zambia anagwa kwambiri mu 2020, chaka chimene chiwongoladzanja cha dola chinali pansi penipeni. Ogula ankaona kuti boma likulephera kusenza ngongole zake, ndipo mu Novembala chaka chimenecho linalepheradi kulipira kuponi ya madola 42.5 miliyoni. Papepala zinthu ziwirizi zimaoneka zofanana, mtengo watsika ndipo phindu lowerengeredwa lakwera, koma n'zosiyana kwambiri. Bondi yogwa chifukwa cha chiwongoladzanja imakwawa yokha kubwerera pa mtengo wake, monga tinaonera. Yogwa chifukwa cha chikayiko siilonjeza zimenezo. Posiyanitsa, yang'anani anzake. Ngati mabondi onse a ndalama imodzi ndi zaka zofanana atsika limodzi, ndipo aatali atsika kuposa aafupi, chimenecho ndi chiwongoladzanja. Ngati atsika a wobwereka mmodzi yekha, ndipo ngakhale otsala ndi miyezi yochepa agwa kwambiri, pamenepo anthu akukayika za kubweza, chifukwa chiwongoladzanja pachokha sichingagwetse kwambiri bondi imene tsiku lake layandikira.

K902,400 ija ndi mtengo wa pamsika wodzaza ogula opikisana. Msika wathu wogulitsana mabondi akale ndi waung'ono, ogula ake ndi mabungwe owerengeka, ndipo ambiri amagula n'kusunga mpaka pamapeto. Munthu wofuna kugulitsa mwachangu atha kupatsidwa mtengo wotsika kuposa wa masamu. Akakutchulirani mtengo, musauyerekeze ndi miliyoni imene munalipira, poti imeneyo inapita ndi msika wakale. Afunseni kuti pa mtengo umenewo wogula akupeza peresenti zingati pachaka mpaka tsiku lobweza, kenako muyerekeze ndi zimene boma lalipira pa malonda aposachedwa a mabondi a zaka zomwezo, zomwe Banki Yaikulu imasindikiza. Funsaninso ngati mtengowo waphatikiza gawo la kuponi limene launjikana kuchokera pa malipiro omaliza, chifukwa ngati mwasunga bondi miyezi 3 chilandirireni kuponi, chiwongoladzanja cha miyezi imeneyo ndi chanu. M'chitsanzo chathu, wokupatsani K850,000 pamene msika uli pa 25 akudzitengera 28 peresenti. Pa K150,000 imene wachotsa, K97,600 yokha ndiyo yabwera ndi kukwera kwa chiwongoladzanja. K52,400 inayo ndi imene mukumulipira chifukwa chakuti ogula ndi ochepa ndipo inu mukufuna ndalama lero.